Kaseti ya ukwati: yambani ndi mizere ya chipeso

"Kaseti ya VHS ya ukwati wa makolo anga ku Matero anandiikira pa fulashi, koma pa TV yaikulu nkhope sizioneka bwino, ndipo anthu akamavina chithunzi chimadumphadumpha. Ndingaikonze bwanji ifike 4K?"

Asisi, musanakuze chilichonse, tsegulani fayiloyo pakompyuta, muimitse pamene wina akugwedeza dzanja. Mukaona m'mbali mwa dzanjalo muli timizere ngati mano a chipeso, kondwerani, chifukwa kusalala kumene mukufunako kukadali momwemo.

Makaseti athu kuno ku Zambia ndi a PAL: mafulemu 25 pa sekondi, koma fulemu iliyonse ndi zithunzi ziwiri zolukana mzere ndi mzere, zojambulidwa nthawi zosiyana. Ndiye kuti kamera inagwira kayendedwe ka anthu maulendo 50 pa sekondi. Mukazilekanitsa bwino, mumapeza mafulemu 50, popanda kompyuta kupeka mayendedwe. Mu pulogalamu yokonzera mavidiyo ya ffmpeg, yomwe ndi yaulere, lembani izi, koma pamene pali ukwati.avi muikepo dzina la fayilo yanu:

```
ffmpeg -i ukwati.avi -vf "bwdif=mode=send_field,scale=1440:1080:flags=lanczos,setsar=1" -crf 18 ukwati50.mp4
```

Apa bwdif ikuyamba kuchotsa mizereyo, kukuza kukubwera pambuyo. Mukasinthanitsa, chipeso chimakula nacho ndipo sichichokanso. Nambala ya 1440 ndaisankha dala kuti chithunzi chikhalebe 4:3. Mukaika 1920, amayi anu adzanenepa mwadzidzidzi.

Ngati mizereyo palibe ndipo fayilo ikuti mafulemu 25, mwina amene anakuikirani anataya theka la zithunzizo. Ine ndingabwerere ndi kasetiyo akaikoperenso osachotsa mizere. Zikakanika, m'pamene pulogalamu ngati RIFE imathandiza: imayang'ana mafulemu awiri oyandikana n'kupeka lapakati. Iuzeni itulutse mafulemu 50 pa sekondi, osati 60, kuti mafulemu oyambirira onse akhalepo ndipo opekedwa angolowa pakatipakati. Kenako onetsetsani pamene akuvina, fulemu imodzi imodzi. Manja othamanga amasungunuka kapena kuoneka awiri, maluwa a pachitenge amasambira, ndipo pamene chithunzi chikuchoka kutchalitchi kupita kuholo, malo awiriwo angasakanikirane m'fulemu imodzi.

Za 4K ndikukuletsani ndithu. Kuchokera pa mizere 576 ya chithunzi cha PAL kufika 2160 ya 4K ndi kukuza pafupifupi kanayi, pamene VHS payokha ndi yofooka kale. Mapulogalamu ngati Topaz Video AI sabweza zimene kamera sinagwire, amangopeka. Munthu amene ali pafupi amatuluka bwino ndithu, koma agogo okhala kumbuyo, amene nkhope yawo ndi timadontho tochepa, angapatsidwe maso ndi mano a munthu wina, khungu losalala ngati pulasitiki. Pa vidiyo ya banja zimenezi zimapweteka. Imani pa 1080, ndipo mbali yokonza nkhope muichepetse kapena kuizimitsa.

Yesani kaye masekondi 30 a kuvina, muonetse munthu amene anali paukwatipo, anene ngati akuwazindikira onse. Akavomera, konzani vidiyo yonse m'zigawo, chifukwa ntchitoyi imatha maola ndipo magetsi akazima pakati mudzayambiranso. Fayilo yoyamba ndi kasetiyo musataye.