Kadontho kamodzi pa mndandanda wa malipiro

"Abale, ndangoyamba kumene ntchito mu ofesi ya malipiro kuno ku Blantyre. Mndandanda ukakhala ndi anthu oposa 200, mumadziwa bwanji kuti palibe nambala yolakwika musanatumize ku banki? Ine maso amatopa ndisanafike n'pakati pomwe."

Achemwali, maso asiyeni apume. Ine ndinawerengapo mndandanda mzere ndi mzere kawiri konse, cholakwika chili pompo, osachiona. Amene anachiona sanawerenge mzere ndi umodzi womwe poyamba. Ndikufotokozereni mmene zinakhalira.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito pa kampani ina ya ku Makata, yomwe inalinso ndi depoti ku Limbe. Antchito tinalipo 212, ndipo malipiro ankalowa pa 25. Banki yathu inkafuna kuti fayilo ifike isanakwane 3 koloko masana kuti ndalama zilowe tsiku lomwelo. Ine ndinkakonza mndandanda, bwana wa zachuma ankasayina, koma pakati pathu panali analisiti, mayi wachitsikana wa ku Chilomoni amene anali asanathe ndi chaka chomwe pa kampanipo. Ntchito yake inali yoona ngati ndalama zomwe tikugwiritsa ntchito zikugwirizana ndi bajeti, ndiye mndandanda wa malipiro unkadutsa pa desiki yake usanapite kokasayinidwa.

Mwezi umenewo unali Novembala, kunja kukutentha ngati ng'anjo. Ndinamaliza mndandanda cha m'ma 1 koloko, ndinauwerenga, ndinaonkhetsa, ndipo chiwerengero cha pa mndandanda chinagwirizana ndendende ndi cha pa fayilo ya ku banki. Mtima unakhala pansi. Apa ndiye pamene ambiri timapusitsika: fayilo ya ku banki imachokera pa mndandanda womwewo, ndiye mndandanda ukalakwika, fayilo imalakwikanso mofanana, ziwirizo n'kumagwirizana bwinobwino.

Analisiti uja anatenga manambala awiri okha. Malipiro onse a Okutobala, msonkho ndi penshoni zisanadulidwe, anali K98,640,000. A Novembala anali K104,417,250. Kusiyana kwake K5,777,250, pafupifupi 6 peresenti. Ine nditaona ndinati n'zomveka, kumapeto kwa chaka ovataimu imachuluka, komanso tinali titalemba anthu atsopano. Bwana nawonso akadanena chimodzimodzi, cholembera chili kale m'manja.

Iye anati, "Achimwene, ndipatseni mphindi khumi. Ndikufuna kudziwa kuti ndalama imeneyi yapita kwa ndani."

Anatenga pepala n'kuyamba kulemba zonse zomwe zinasintha pakati pa miyezi iwiriyo, chilichonse ndi chikalata chake. Antchito atsopano atatu, aliyense K350,000, zonse pamodzi K1,050,000. Mmodzi amene anasiya ntchito, kuchotsa K420,000. Ovataimu inakwera ndi K780,000, ndipo mafomu osayinidwa ndi akapitawo analipo. Palibe amene anakwezedwa malipiro mwezi umenewo. Ataphatikiza ndi kuchotsera, zosintha zodziwika zinakwana K1,410,000. Ndiye kuti mndandanda wa Novembala unayenera kukhala K100,050,000. Panatsala K4,367,250 yopanda mwini.

Nthawi inali itadutsa 2 koloko. Ine ndinayamba kale kutsegula mafayilo a anthu mmodzimmodzi, thukuta lili kamukamu. Iye anangotenga kakyuleta n'kugawa ndalama yotsalayo ndi 9. Inatuluka 485,250, yopanda chotsala. Anapita pa mndandanda wa Okutobala, anadina `Ctrl+F`, n'kulemba nambalayo. Inamufikitsa pa mzere wa dalaivala wina wa lole, malipiro ake K485,250.00. Atatsegula mzere wa bambo yemweyo pa mndandanda wa Novembala, panali 4852500.

Zinachitika motere. Dalaivalayo anasamutsidwa kuchoka ku depoti ya ku Limbe kubwera ku Makata, ndiye mzere wake unafufutidwa ku gawo lina n'kulembedwanso pamanja ku gawo lina. Wolembayo, m'malo mwa 485250.00, analemba 4852500.0. Manambala onse ndi omwewo, kadontho kokha kanasuntha malo amodzi. Ndipo kolamu ya malipiro mu Excel inali yoikidwa kuti isaonetse matambala kapena makoma olekanitsa masauzande. Taganizani 485250 ndi 4852500 zili pakati pa mizere 212, manambala ali thithithi. Diso limaona 485 koyambirira, n'kuvomereza, n'kupita pa mzere wotsatira. Ndi mmene zinandidutsira kawiri konse.

Za 9 zija si matsenga ayi. Kadontho kakasunthira kumanja malo amodzi, nambala imakula kakhumi. Ndalama yoona inali gawo limodzi, yolakwika ndi magawo khumi, ndiye chowonjezereka ndi magawo 9. Mukagawa chowonjezerekacho ndi 9, mumapeza ndalama yoona ija. Kakasuntha malo awiri, nambala yakula ka 100, ndiye mugawe ndi 99. Kakasunthira kumanzere, mndandanda umaperewera m'malo mochuluka: bambo uja akadalembedwa 48525.00, pakadasowa K436,725, ndipo mukagawa ndi 9 mupeza 48,525, nambala yolakwikayo, yomwe mungaifufuze pa mndandanda wa mwezi uno.

Koma njira imeneyi ili ndi malire ake, musaidalire mopitirira. Imagwira pa malipiro asanadulidwe kalikonse. Pa ndalama yomwe munthu amalandira m'manja siigwira, chifukwa msonkho wa PAYE umakwera m'magawomagawo. Munthu wa K4,852,500 amadulidwa pa mlingo wokwera kuposa wa K485,250, ndiye zotsala zawo sizisiyana kakhumi ndendende. Imagwiranso ngati cholakwika chili chimodzi. Zikakhala ziwiri, zimasakanikirana, ndipo 9 sakuuzani kanthu. Komanso kugawika ndi 9 pakokha si umboni. Manambala awiri akasinthana malo, monga 458,250 m'malo mwa 485,250, kusiyana kwake ndi 27,000, nakonso kumagawika ndi 9. Umboni weniweni ndi woti yankho lanu mwalipezadi pa mzere wa munthu.

N'chifukwa chake analisiti uja sanalekere pomwepo. Nditakonza mzere wa dalaivala, ine ndinkafuna kuthamangira kwa bwana, koma iye anati tiyambe taona ngati palibe china chobisala, chifukwa zolakwika ziwiri zikhoza kuphimbana, wina kuchulukitsidwa wina kuchepetsedwa, chiwerengero chonse n'kuoneka chabwino. Pa mndandanda wa Novembala anawonjezera makolamu awiri. Yoyamba inkakoka malipiro a Okutobala a munthu aliyense pogwiritsa ntchito nambala yake ya pantchito, yachiwiri inkagawa a mwezi uno ndi a mwezi watha.

```
E2: =VLOOKUP(A2,Okutobala!A:D,4,FALSE)
F2: =D2/E2
```

Apa kolamu A ndi nambala ya wantchito, D ndi malipiro ake. Gwiritsani ntchito nambala, osati dzina, chifukwa pa kampani ya anthu 200 mayina ofanana sasowa, ndipo mizere imasuntha mwezi ndi mwezi. Munthu amene malipiro ake sanasinthe amaonetsa 1. Wa ovataimu amaonetsa 1.1 kapena 1.2. Kadontho kosokonekera kamaonetsa 10 kapena 0.1, ndipo mukasanja kolamu F kuyambira yaikulu kupita yaing'ono, zoterezi zimakhala pamwamba, kungotsatira mizere ya `#N/A`, kapena pansi penipeni. Simuwerenganso mizere 212, mumangoona khumi ya kumtunda ndi khumi ya kumunsi. Antchito atsopano amaonetsa `#N/A` poti mwezi watha kunalibe, ndipo amenewo ndi amene muyenera kuwaona ndi maso, kalata yawo yowalemba ntchito ili pambali. Ife anatuluka atatu, monga tinkayembekezera. Akadatuluka anayi, likadakhala funso lina lalikulu.

Ena mu gulu lino anena kuti ikadapita bwenzi tangomuuza dalaivala abweze. Amene amanena zimenezi sanayesepo. Ndalama ikalowa mu akaunti ya munthu, kampani siingangoitulutsa yokha. Pamafunika mwini wake avomere. Ndipo pa 25 munthu amakhala akudikiridwa ndi alandilodi, sukulu fizi, ngongole ya ku banki mkhonde. Pofika mawa lake gawo lina lapita, ndipo mumayamba kukambirana zodula pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri, munthu wosalakwa n'kumaoneka ngati wakuba pamaso pa anzake. Chimenechi ndi chomwe chimandiwawa kwambiri ndikakumbukira, chifukwa bambo uja sanapemphe kanthu kwa wina aliyense.

Ndiye si malipiro okha. Penshoni imawerengedwa kuchokera pa nambala yomweyo, 5 peresenti ya wantchito ndi 10 peresenti ya kampani. Gawo la dalaivala likadakhala K242,625 m'malo mwa K24,262.50, ndipo la kampani K485,250 m'malo mwa K48,525. Msonkho wa PAYE, womwe umayenera kufika ku MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira, ukadapitanso wochuluka. Kadontho kamodzi kakadatituma kukakonza zinthu malo atatu, kulikonse ndi makalata ake.

Titakonza, chiwerengero chinabwera pa K100,050,000 ndendende, chotsala ziro. Tinapanganso fayilo ya ku banki kuchokera pa mndandanda wokonzedwawo, osati kungosintha nambala imodzi mu fayilo yakale, chifukwa msonkho ndi penshoni zinayenera kuwerengedwanso. Analisiti anamata kapepala kake ka zosintha pamwamba pa mndandanda, n'kulowa nako kwa bwana. Bwana anawerenga, anayang'ana wotchi, n'kufunsa kuti, "Mwatsimikiza kuti palibenso china?" Iye anawaonetsa kolamu F, yaikulu 1.24, yaing'ono 1. Anasayina. Fayilo inapita 2:46.

Kuyambira Disembala, kolamu ya malipiro tinaiika kuti izionetsa makoma ndi matambala, `#,##0.00`, ndipo munthu akasamutsidwa mzere wake tinkaukopera, osaulembanso pamanja. Bwana anakana kusayina mndandanda uliwonse wopanda kapepala ka zosintha kofika pa ziro. Dalaivala uja analandira malipiro ake anthawi zonse madzulo a tsiku lomwelo, ndipo m'mawa mwake ananyamuka ndi lole kupita ku Mulanje.