Nkhani ya Dark Souls ili pa katundu amene mwatola ndi m'mabwinja amene mukudutsa

"Anzanga, ndikusewera Dark Souls yoyamba ija. Ndangochoka ku Anor Londo, Lordvessel ndatenga, koma mpaka pano sindikudziwa kuti ndikumenyera chiyani. Kupatula kavidiyo kakumayambiriro kaja, palibe chikundifotokozera nkhani. Kodi pali timavidiyo tomwe ndikuphonya? Kapena ndingopita pa YouTube akandiuze?"

Achimwene, palibe chomwe mwaphonya, ndipo YouTube ija iyambe yadikira. A FromSoftware, omwe anatulutsa gemuyi mu 2011 motsogozedwa ndi Hidetaka Miyazaki, anachita dala. Nkhani anaigawa m'tizidutswa, kwinaku anailemba pa katundu amene mumatola, kwina anaiumba m'malo enieniwo amene mukuyendamo. Miyazaki mwiniwake anafotokozapo kuti ali mwana ankawerenga mabuku opitirira msinkhu wake, ndipo pomwe sankamva ankadzaza ndi maganizo ake potengera zithunzi. Ntchito imeneyo ndi imene akukupatsani inuyo.

Choyamba chitani ichi. Tsegulani menyu ya katundu, sankhani chinthu chilichonse, kenako dinani batani losintha zoonetsa, lomwe lalembedwa m'munsi mwa menyuyo. Manambala achoka, pabwera mawu. Chinthu chilichonse chili ndi mawu ake, kaya ndi lupanga, mphete, kiyi, chovala ngakhale mzimu wa bosi amene mwapha. Ambiri timangoyang'ana mphamvu ya chida n'kupitirira, chonsecho mizere iwiri kapena itatu ija ndiye buku la gemuyi.

Poti Lordvessel, mbale yaikulu ija imene munalandira ku Anor Londo, muli nayo, malo abwino ophunzirirapo kawerengedwe kake ndi New Londo Ruins. Ndikuululirani nkhani ya malo amodziwa kuti muone mmene zimalumikizirana, ena onsewo mukadzipezere nokha.

Mukatsika ndi lifiti ya kunsi kwa Firelink Shrine, musathamange. Imani kaye pamphepete muyang'ane. Muona madzi akuda ali phee, ndipo pamwamba pake pakungotulukira madenga, nsanja ndi zipinda zam'mwamba. Masitepe ena akutsika n'kukathera m'madzi. Palibe mmisiri amene amamanga masitepe olowa m'nyanja, ndiye musanawerenge liwu ndi limodzi lomwe mwadziwa kale kuti madziwa anabwera mzinda utamangidwa. Timilatho tamatabwa tomwe mukuwolokera sitikufanana ndi miyala yosemedwa bwino ya nyumbazo, tinaikidwa pambuyo pake. Zili ngati mukamadutsa pa bwinja kumudzi n'kuona mitengo ya mango ili pamzere ndi mafuwa atatu akuda ndi utsi: palibe wokuuzani, koma mukudziwa kuti panali khomo la munthu. Dzina nalonso likunena kanthu, chifukwa mwangochoka ku Anor Londo, mzinda wa milungu, ndipo uno akuutcha Londo watsopano.

Kenako mukumana ndi mizukwa yodutsa m'makoma, yomwe lupanga wamba siliikhudza. Kuti muimenye mufunika Transient Curse, yomwe mupeza pa mtembo chakumayambiriro kwa mabwinjawa ndipo imagwira ntchito kwa mphindi 5. Werenganinso mawu ake. Akuti amene angalimbane ndi mizukwa ndi wotembereredwa yekha. Funso loti mizukwa yambirimbiriyi ndi ya yani lisungeni, yankho lili pafupi.

Pa denga la nyumba ina, yomwe mumakwera ndi makwerero, pali mkulu wina wovala mkanjo wofiira ndi chigoba kumaso, dzina lake Ingward. Akaona kuti muli ndi Lordvessel akupatsani Key to the Seal. Musathamangire kukatsegula, werengani kaye kiyiyo. Pamenepo ndi pomwe pali msana wa nkhani yonse: mzindawu unamizidwa dala. Osindikiza chidindo, omwe Ingward ndi mmodzi mwa iwo, anatsekera madzi mumzinda kuti atsekereze a Darkwraith, asilikali oyamwa umunthu wa anthu, pamodzi ndi mafumu anayi a mzindawo, Four Kings, amene anagwera mumdima. Mawuwo akupitiriza kuti anachita izi akudziwa kuti anthu osawerengeka afa ndipo chikhalidwe cha mzindawo chitheratu, komanso kuti ophedwawo ndi amene akuyendayenda ngati mizukwa. Ndiye kuti zomwe mwakhala mukuzitema njira yonseyi ndi anthu wamba a mumzindamo.

Tsopano pitani mukakoke chogwirira cha chitseko cha madzi. Madzi akaphwa, tsikani pansi. Chimene mupeze kumeneko ine chimandikhudza kuposa kavidiyo kalikonse komwe ndinaonapo m'gemu: mitembo yaunjikana milumilu, ndipo inuyo mukuyenda pamwamba pake. Gemu siima kuti ikuonetseni, palibe nyimbo yachisoni, kamera ili m'manja mwanu. Munthu amene sanawerenge kiyi uja amangoona malo onyansa n'kudutsa. Amene wawerenga amadziwa kuti akuponda anthu amene mkulu wofiira uja ndi anzake anawamiza, ndipo mkuluyo wakhala pa denga nthawi yonseyi akulondera pamwamba pawo. Mawu paokha akanakhala mbiri youma, mitembo payokha ikanakhala chokongoletsera choopseza. Mphamvu yake ili poti ziwirizi zakumana m'mutu mwanu.

Chinthu china chomwe ambiri sachilabadira ndi malo amene katundu wapezeka. Munadutsa ku Blighttown musanafike ku Anor Londo. Ngati munafufuza bwino m'matabwa a pafupi ndi gudumu lalikulu lokweza anthu lija, muli ndi chovala chofiira cha Crimson m'thumba mwanu, chomwe munachotsa pa mtembo, ndipo m'bokosi la pambali pake munali matsenga otchedwa Remedy. Nthawi imeneyo sizinkatanthauza kanthu. Ziwerengeninso lero. Mkanjowo ukuti osindikiza chidindo poyamba anali ochiritsa, ndipo kufiira kuja chinali chizindikiro cha ntchito yawo. Chigoba chakumaso chikuti analipo atatu, koma awiri anatopa nayo ntchito n'kuchoka. Remedy ikutchula mmodzi mwa iwo, mayi wotchedwa Yulva, n'kunena kuti mwina anasiya ulonda kuti akachiritse anthu ku Blighttown. Matsengawo amachotsa poizoni, ndipo Blighttown ndi dambo la poizoni. Ochiritsa amene anapha mzinda wonse kuti apulumutse dziko, mmodzi n'kuthawira kumalo a odwala: palibe amene wakuuzani zimenezi ndi pakamwa, mwazitola nokha m'malo awiri otalikirana.

Apa ndiye muyenera kusamala, chifukwa ndi pomwe anthu amasochera. Pali zomwe gemu yalemba, pali zomwe maso anu aona, ndiye pali zomwe inuyo mwalumikiza. Zoti Yulva anali mmodzi mwa atatuwo zinalembedwa. Zoti mtembo wokhala ndi chovala chofiira uli pambali pa matsenga ake mwaziona. Koma zoti mtembowo ndi wa Yulva palibe pomwe zinalembedwa, ndi maganizo chabe, ngakhale ndi omveka ndipo inenso ndimawakhulupirira. Onaninso kuti mawu a Remedy enieniwo akuti "mwina". Mawu ngati amenewa, komanso "akuti" kapena "nthano imati", sanaikidwe mwangozi. Akukuchenjezani kuti wolembayo ali ngati munthu wa m'dzikomo amene anangomva, osati mlengi wodziwa zonse.

Ndipo nthawi zina mawu a pa katundu amanena zomwe anthu a m'dzikomo amakhulupirira, osati zomwe zinachitika. Kuti mukafike kwa Four Kings muyenera kuvala mphete ya Covenant of Artorias, yomwe mumapeza mukagonjetsa Sif, mmbulu waukulu wolondera manda ku Darkroot Garden. Mukadumphira m'phompho muja osaivala, mufa pomwepo. Mawu a mpheteyo amamutama Artorias ngati msilikali amene anayenda m'phompho la mdima. Koma chigawo chowonjezera cha Artorias of the Abyss, chomwe chinatuluka mu 2012 ndipo chili kale mu Remastered ya 2018, chimakubwezani m'mbuyo kuti mukaone ndi maso zomwe zinamuchitikira ku Oolacile. Sindikuuzani, koma mukabwerako mudzawerengenso chilichonse chokhala ndi dzina lake.

Ndiye mungadziwe bwanji kuti maganizo anu ali ndi miyendo? Ine ndimafuna mboni ziwiri zosiyana. Za mafumu anayiwa, mwachitsanzo, Bequeathed Lord Soul Shard yomwe mumalandira mukawagonjetsa imati Gwyn, mfumu ya milungu, ndi amene anawapatsa udindo ndi zidutswa za mzimu waukulu ataona nzeru zawo. Zovala za a Darkwraith zimati anali asilikali a New Londo. Chida cha Dark Hand chimatchula Kaathe, njoka yakalekale ya mumdima, kuti ndiye anawasonkhezera kuyamwa umunthu wa anthu. Zitatuzi zikugwirizana ndi mawu a Ingward komanso ndi zomwe mwaona pansi pa madzi, choncho mutha kuimapo: mzindawu sunagonjetsedwe ndi adani akunja, unavunda kuchokera kwa atsogoleri ake. Koma mukapeza kuti ganizo lanu lonse latsamira pa chinthu chimodzi, monga mdani wina wovala chovala chofanana kumalo ena, ligwireni mopepuka. Opanga magemu amabwereza zinthu pofuna kusunga nthawi, ndipo si mwala uliwonse umene uli ndi uthenga.

Njirayi ili ndi zofooka zake, sindikubisirani. Mawu onse ali m'Chingelezi chachikalekale chomwe chimalemera, mayina ndi ambiri, ndipo mukaphonya bokosi limodzi mwaphonya chidutswa cha nkhani osadziwa n'komwe. Mafunso ena alibe yankho m'gemu yonse. N'chifukwa chake ndimati khalani ndi kope kapena foni pambali. Mukawerenga dzina la munthu kapena la malo, lilembeni pamodzi ndi chinthu chomwe lalembedwapo ndi komwe munachitola. Dzinalo likatulukanso kwina, bwererani ku menyu muwerenge zonse ziwiri motsatizana. Mukapha bosi, werengani mzimu wake musanaugwiritse ntchito, chifukwa mukaumeza uchoka m'thumba pamodzi ndi mawu ake.

Za YouTube, tchanelo ya VaatiVidya ndi yomwe ambiri amaikonda ndipo amafotokoza bwino. Koma onerani za malo amene mwamaliza kale okha, ndipo pomvera muzidzifunsa kuti apa akuwerenga mawu a pa katundu kapena akulumikiza yekha.

Chenjezo limodzi musanatsike: mu New Londo Ruins mulibe moto wopumirapo, mukafa mubwerera pa moto womaliza umene munapumirapo, nthawi zambiri wa ku Firelink Shrine. Komanso ngati mukufuna kumva mbali ya Kaathe kuchokera pakamwa pake, musaike Lordvessel paguwa kudzera kwa Frampt, njoka ya pa Firelink ija. Pitani kaye mukagonjetse Four Kings, Kaathe adzatulukira m'phompho momwemo, ndipo zomwe adzakuuzeni za Gwyn n'zosiyana kwambiri ndi zomwe Frampt anakuuzani.