Ndakatulo yanga ikukana kulowa m'chuni

"Ndalemba ndakatulo ya mvula kuti kwaya yathu iyimbe pa chuni cha manotsi 8, kenako 7. Mzere woyamba ndi 'Mvula yagwa m'munda mwathu', wachiwiri 'Tiyeni tikadzale'. Ndawerenga bwinobwino, koma poyimba lilime likupunthwa. Ndalakwa pati?"

Zikomo achimwene polemba. Tiyambe ndi mzere woyambawo. Inu mwapeza maphatikizo 8, koma alipo 9. Amene wakubisalirani ndi m' wa mu "m'munda". Ameneyu ndi "mu" wofupikitsidwa, ndipo ngakhale alibe lembo la liwu, amadya nthawi yake: m-mu-nda. N'chimodzimodzi m-ti-ma. Koma "mvula" ndi awiri okha, mvu-la, chifukwa m wake amamvekera pamodzi ndi v. Musamawerenge ndi maso. Nenani mzerewo mokweza, mukuwomba m'manja. Mukati "Mvula yagwa kuno kwathu", akwana 8 ndendende.

Mzere wachiwiri ndiye uli ndi nkhani, chifukwa 7 akwanadi, koma ukumvekabe ngati ukuyimbidwa ndi mlendo. Pa Chichewa timatsindika ndi kukoka phatikizo lotsatizana ndi lomaliza: tiYEni tikaDZAle. Tsono chuni chotere nthawi zambiri chimagunda pa noti yoyamba, yachitatu, yachisanu ndi yomaliza. Kwaya yanu ikukakamizika kunena kuti TIyeNI tiKAdzaLE. Mawu onse awiri athyoledwa msana. Nyimbo zambiri zakutchalitchi zomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi zili ndi chilema chomwechi, kungoti makutu athu anazolowera.

Ine ndikalandira chuni, ndimayamba ndachiyimba ndi "la la la" kwinaku ndikuponda pansi, n'kulemba mzere kunsi kwa noti iliyonse imene phazi lagwerapo. Ndikatero m'pamene ndimafuna mawu oti kutsindika kwake kugwere pomwepo.

Chovuta kwambiri ndi noti yomalizayo, poti ndi yamphamvu pamene mawu athu amathera pofewa. Njira imodzi ndi kuchotsa phatikizo limodzi: "Tonse tikadzale" ndi 6, ndiye "dza" atenge manotsi awiri, TO-nse TI-ka-DZA-a-le. Kukokako sikumveka kwachilendo, ndi mmene timayankhulira kale. Muwauze oyimba asamenye "le", angomutsitsa pansi bwinobwino.

Njira imene ndimaikonda ine ndi kumaliza ndi mawu a phatikizo limodzi monga tho, zii, mbuu. Yesani "Munda wonse madzi tho!" Maphatikizo 7, kugunda konse kwagwera pamalo pake, ndipo "tho" mungamukoke mpaka mpweya kutha osawononga kanthu. Komabe musatero ndime iliyonse, zimatopetsa.

Chimene ndikuletseni ndi kumeza zilembo kuti nambala ikwane. "N'chifukwa" ndi "m'nyumba" zili bwino, timatero tsiku ndi tsiku, koma kufupikitsa kumene simunamvepo pakamwa pa munthu kusiyeni. Mukamaliza, muyimbireni munthu amene sanaone pepalalo, abwereze mawu amene wamva. Pamene wakakamira, bwererani pomwepo mukakonze.