Thumba la makilogalamu 50 silifika lonse m'mbale

"Ndili ndi kalesitilanti ku Luwinga, mu mzinda wa Mzuzu. Ufa, mafuta ndi makala ndimagula mopikula, mbale ya nsima ya nkhuku ndimagulitsa K3,500 ngati anzanga onse, anthu amabwera ndithu, koma mwezi ukatha ndalama sindiiona. Ndingadziwe bwanji kuti mbale imodzi ikundidyera zingati?"

Achemwali, kalata yanuyi ndaiwerenga kawiri, kenako ndinakafufuza m'chikwama chakale kope lomwe ndinkalembamo pa nthawi imene ndinkaphika pafupi ndi depoti ya mabasi. Chikuto chake ndi chonona mafuta mpaka pano. Masamba oyambirira muli mzere umodzi wokha tsiku lililonse: "zalowa lero". Zotuluka sindinkalemba. Ndinkaona ngati poti ndagula thumba lathunthu ndiye kuti ndachenjera kale, ndawaposa aja ogula ufa wa pambale pa msika wa Zigwagwa. Mtengo wa mbale ndinautenga kwa mayi wa benchi yoyandikana nayo, iwonso anautenga kwa wina. Tonse mzere wathunthu tinkakoperana, popanda ndi mmodzi yemwe amene anakhalapo pansi ndi cholembera.

Ndiye panali alamu anga. Sinditchula dzina, akudzidziwa. Nthawi ya nkhomaliro ikakwana ankatulukira ngati aitanidwa, n'kukhala pampando wa pakona pafupi ndi mbaula chifukwa cha kuzizira kwa kuno mwezi wa Juni, n'kunena kuti "Mlamu, kantchafu kaja kalipo?" Ungakane bwanji? Tsiku lina anabwera ndi mnzawo. Ine ndimwetulire, mumtima ndikuwerenga mitanda. Lero ndikunena mosapsatira: wachibale wodya ulere pa lesitilanti amaononga kuposa khoswe wa m'sitolo, chifukwa khoswe umamutchera msampha, koma mlamu umamupatsanso madzi osamba m'manja.

Chimene chinanditsegula maso ndi kugwa kwa kwacha mu Novembala 2023, pamene inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndinapita kukagula chigubu cha mafuta ndi ndalama imene ndinazolowera, ndinabwerako ndi kabotolo. Usiku umenewo ndinabwereka sikelo kwa mayi wogulitsa nyemba, ndipo chinthu choyamba kuyeza chinali ufa umene unangochokera kuchigayo. Thumba la chimanga la makilogalamu 50, atakonola, titapeta, titaviika, kuyanika ndi kugayitsa, linabwera makilogalamu 35. Ndinayeza kawiri poganiza kuti sikeloyo ndi yakufa. Enawo anapita ndi madeya, mphepo ya lichero ndi nkhuku za aneba pa mkeka. Mgaiwa sutaya chotere, koma makasitomala ambiri m'tauni muno akaona nsima yoderako amayang'ana kumbali.

Apa ndiye pagona nkhani yanu. Mtengo wa palisiti si umene muyenera kuwerengera. Werengerani chimene chatsala chitafika mumphika, ndipo mugawe ndi mbale zimene zalipiridwa, osati zimene zaphikidwa.

Tiwerengere limodzi

Mitengo iyi ndi yongoyerekeza, inu muikemo ya sabata ino. Tinene kuti thumba la chimanga mwagula K60,000, wakabaza mwam'patsa K2,000, kukonola ndi kugaya kwadya K6,000. Zonse ndi K68,000. Mukagawa K60,000 ndi 50 mudzinamiza kuti kilogalamu ndi K1,200. Zoona zake ndi K68,000 kugawa ndi 35, pafupifupi K1,950. Tsopano m'mawa yezani ufa musanathire mumphika, ndipo wina aziwerenga mbale zikamatuluka. Kwa ine makilogalamu 5 ankatulutsa mbale 25 za mitanda iwiriiwiri, kutanthauza magalamu 200 pa mbale, K390. Chitani zimenezi masiku atatu, chifukwa dzanja la woomola limasintha. Mtsikana amene ankandithandiza ankadzaza chipande akaona kasitomala wodziwana naye, ndipo mphika womwewo unkathera pa mbale 21. Chipande chikhale chimodzi, chomwecho tsiku lililonse.

Nkhuku ndi yosavuta kuwerenga koma ndi imene imapweteka kwambiri. Ya K13,000, ngati mumadulamo nthuli 10 zoti munthu angalipire, nthuli iliyonse ndi K1,300. Khosi, mapazi ndi nthutumba musaziwerengere pokhapokha ngati mumazigulitsadi. Wodula akalakwitsa n'kutulutsa 9, mbale iliyonse yakwera ndi K144 inu musakudziwa.

Zinthu zing'onozing'ono musavutike kuziyeza pa mbale, mungapenge. Ziwerengeni pa tsiku. Chigubu cha malita 20 cha K120,000 ndiye kuti lita ndi K6,000; ngati patsiku pamapita lita ndi theka, ndi K9,000. Tomato, anyezi ndi mchere K8,000, masamba K5,000. Thumba la makala la K24,000 likamatha masiku anayi, ndi K6,000 patsiku, ngakhale nthawi ya mvula ya kuno yosakata ija makala onyowa safika masiku anayi, amangofuka utsi. Zonse pamodzi K28,000. Mukagulitsa mbale 40, iliyonse yasenza K700.

Tomato ndimuonjezerepo mawu. Kupikula dengu lonse kumaoneka kutchipa, koma pansi pake pamakhala ophwanyika, ndipo pofika tsiku lachinayi mukutaya. Ine ndinasiya. Mafuta, mchere, mpunga wa Kilombero ndi nyemba gulani zambiri. Zoola gulani za masiku awiri basi.

Kenako pali zija zimene sizilowa mumphika koma zimadya nawo: lendi, malipiro a antchito, madzi, magetsi, sopo, chiphaso cha khonsolo mutachigawa pa miyezi. Tinene K364,000 pamwezi. Mumatsegula masiku 26, ndiye K14,000 patsiku, K350 pa mbale. Pomaliza alamu aja. Antchito awiri, inuyo ndi mlendo mmodzi ndi mbale zinayi zosalipiridwa. Nsima ndi nkhuku yake ndi K1,690 iliyonse, zonse K6,760, ndipo amene amalipira ndi makasitomala 40 aja, pafupifupi K170 aliyense.

Phatikizani K390, K1,300, K700, K350 ndi K170. Mbale yanu ikukudyerani K2,910, ndipo pa K3,500 mukutsala ndi K590. Si zoipa. Koma onani tsiku la pakati pa mwezi, anthu a m'makampani a ku Luwinga ali mbuu kudikira malipiro, mwagulitsa mbale 25 zokha. Makala mwayatsa omwewo, masamba ndi supu mwaphika kale, lendi sinatsike. K28,000 ija tsopano ndi K1,120 pa mbale, K14,000 ndi K560, zaulere zija K270. Mbale yafika K3,640. Tsiku limenelo aliyense amene wadya mwam'patsa K140 ya m'thumba mwanu, ndipo sitinawerengere nsima yotsala yomwe simungaigulitse mawa. N'chifukwa chake mumaona anthu akulowa koma ndalama osaiona: masiku abwino akulipirira masiku oipa.

Choti muchite ndi chochepa. Bwerekani sikelo sabata imodzi, lembani mbale zolipiridwa tsiku lililonse kwa mwezi, ndipo muziphika molingana ndi tsikulo, osati mphika wodzaza nthawi zonse. Mtengo wa thumba kapena chigubu ukasintha, bwerezani masamuwa tsiku lomwelo. Ngati mukuopa kukweza mtengo poti anzanu sanakweze, yambani ndi kudula nkhuku mofanana ndi kuika mbale ya nyemba kapena usipa, imene ndiwo yake sifika K1,300. Antchito azidya imeneyo.

Alamu anga ndinayamba kuwapatsa ya nyemba. Anabwera kawiri, kachitatu anati ali ndi mitingi ku Katoto.