Ntchito ya usiku ikulephera ndi 401

"Pologalamu yanga yotumiza nkhani 2 koloko usiku imalephera ndi 401, chonsecho masana inali bwino. Nditani?"

Achimwene, 401 ndi yankho la seva lokana tokeni yanu, chiphaso chimene pologalamu imalowera nacho, mwina chifukwa yatha nthawi. Ntchito ya usikuyo izitenga tokeni yatsopano ikamayamba kuthamanga. Musadalire ija munatenga pokonza ndandanda. Matokeni ambiri a OAuth, njira yopatsira mapologalamu chilolezo cholowera, amakhala ola limodzi lokha, ndipo seva imakuuzani mu `expires_in`, kawirikawiri masekondi 3600. Sungani nthawi yothera, ndipo pakatsala mphindi 5 pemphani ina ndi `refresh_token`, tokeni yapadera yopemphera zatsopano, chifukwa mawotchi a makompyuta amasiyana. 401 ikabwerabe, tsitsimutsani tokeni kamodzi, yesaninso kutumiza kamodzi basi.

Pamene ine ndinagwa mpapa. Maseva ena amapereka `refresh_token` yatsopano nthawi iliyonse n'kupha yakale. Ntchito zanga ziwiri zinatsitsimutsa nthawi imodzi, yachiwiri inatumiza yakufa, seva inaikana ndi yankho la `invalid_grant`, zonse zinaima mpaka ndinalowanso pamanja. Tsopano ndimaika loko kuti imodzi yokha izitsitsimutsa, ndipo yatsopanoyo ndimaisunga kaye ndisanatumize nkhani iliyonse.

`invalid_grant` ikabwera musayesenso, pologalamu ikudziwitseni. Tokeni ikapezeka yalembedwa m'malogi, ithetseni msanga ndipo muitane katswiri wa chitetezo cha makompyuta.