Chimene chimamaliza wa 100 mita akalowa mu 10,000

"Akuluakulu ndithandizeni. Ine pa 100 mita kuno ku Ngabu palibe wondigwira, koma sabata yatha ndinayesa 10,000, ndinayamba ndili patsogolo koma pa raundi yachinayi miyendo inalema ngati andimangirira miyala, chifuwa chikuotcha, mpaka ndinatuluka. Ndi mphamvu zochepa kapena chakudya? Ndipange bwanji kuti ndizimaliza?"

Achimwene, mphamvu muli nazo ndipo nsima musayinamizire mlandu. Ine ndakhala ndikugwira wotchi pa mipikisano ya ana asukulu kuno kuchigwa kwa zaka zambiri ndithu, ndipo zomwe zakuchitikiranizo ndimaziona chaka ndi chaka, makamaka kwa anyamata aliwiro ngati inuyo. Nkhani yake ndiyakuti thupi lili ndi njira ziwiri zopezera mphamvu, ndiye inu munalowa mpikisano wa njira inayo mutanyamula njira yanu ya masiku onse.

Mnofu uliwonse kuti ukoke umadya kanthu kena kotchedwa ATP, ndipo kamene kamakhala kale mu mnofumo nkochepa zedi, ka masekondi awiri kapena atatu basi mukamathamanga ndi mphamvu zonse. Ndiye thupi limayenera kumapanga kena pompopompo. Njira yoyamba, ija mabuku amati anayerobiki, sidikira mpweya wa okosijeni ayi. Imayamba ndi kankhokwe ka fosifokiriyetini kamene kali mu mnofu momwemo, kameneka kamatulutsa mphamvu mwachangu kuposa china chilichonse koma pofika masekondi 10 kamakhala katatsika kwambiri, ndipo pambali pake thupi limakhala layamba kale kuphwanya shuga mothamanga popanda okosijeni. Njira yachiwiri ndi ayerobiki, iyi imatenga mpweya umene mwapuma, magazi nkuupititsa ku minofu, kumeneko nkukaotcha shuga ndi mafuta pang'onopang'ono. Kusiyana kwake nkwakukulu: kashuga kamodzi kakaphwanyidwa popanda okosijeni kamapereka ATP ziwiri zokha, koma komweko kakapsa bwinobwino ndi okosijeni kamapereka pafupifupi 30. Yoyambayo ili ngati moto uja amayatsa m'munda wa nzimbe ku Nchalo asanadule, lawi mpaka kumwamba koma kanthawi pang'ono wazima. Yachiwiriyi ndi chikuni cha tsanya, sichilirima koma mukachisiya madzulo mmawa mukachipeza chikadali ndi moto.

Pa 100 mita pafupifupi zonse zimachokera ku njira yoyamba ija, mwina magawo 8 kapena 9 mwa 10. Usain Bolt pamene ankathamanga masekondi 9.58 ku Berlin mu 2009, mpweya umene ankapuma m'njiramo sunathandize zambiri, mpikisano unatha thupi lisanayambe nkomwe kuugwiritsa ntchito mokwanira. Ndipo mukaonetsetsa, ngakhale akatswiri amenewa liwiro lawo limafika pachimake cha pa mamita 60 kapena 70, kenako limayamba kutsika pang'ono chifukwa kankhokwe kaja kakutha, amene amaoneka ngati akuwonjezera moto kumapeto amakhala kuti iyeyo ndi amene akutsika mochedwa kuposa anzake. Nchifukwa chake inu mukamaliza 100 mita mpamene mumayamba wefuwefu mutagwira m'mawondo, thupi likubweza ngongole.

10,000 ndi dziko lina. Ndi maraundi 25 pa bwalo la mamita 400, ndipo mphamvu zoposa magawo 9 mwa 10 zimachokera ku okosijeni. Joshua Cheptegei wa ku Uganda anaithamanga mphindi 26 ndi masekondi 11 ku Valencia mu 2020, mukagawa ndiye kuti raundi iliyonse inali pafupifupi masekondi 63, zomwe ndi masekondi pafupifupi 16 pa mamita 100 aliwonse. Inuyo 100 mita imodzi mutha kuithamanga mwachangu kuposa pamenepo, koma iye anaibwereza ka 100 osaima, chifukwa mtima wake, magazi ake ndi minofu yake zimatha kutenga okosijeni wokwanira liwiro limenelo. Malire a njira ziwirizi ali cha pa masekondi 75 a kuthamanga ndi mphamvu zonse, kupitirira apo ayerobiki ndi imene imasenza katundu wambiri. Sikuti ina imazima ina nkuyaka ngati magiya a galimoto ayi, zonse zimagwira limodzi, chimasintha ndi yakuti yasenza kwambiri ndi iti.

Tsono pali liwiro lina lake, munthu aliyense ali nalo lake, loti mukakhala pansi pake mpweya umakwanira ndipo mutha kupita nthawi yaitali, koma mukangolidutsa thupi limakatenga katapila ku anayerobiki. Katapilayo amabwera ndi asidi amene amaunjikana mu minofu, uja anthu amangomutcha lakitiki asidi, ndipo ndi chimodzi mwa zimene zimapangitsa ntchafu kulemera ndi kupuma kosagwirika kuja. Pa 100 mita mulibe naye vuto chifukwa mumafika pa mzere asanakupezeni. Pa 10,000 amakupezani muli ndi maraundi 21 kutsogolo.

Ndikukumbukira mnyamata wina wa folomu 3 amene ndinamugwirira wotchi, naye anali mfumu ya 100 mita ku zoni kwawo. Raundi yoyamba anadutsa pa masekondi 74, anzake akuimba mbali mwa bwalo, iye wasiya gulu ndi mamita ngati 80. Yachiwiri 89. Yachitatu 106, apa mutu unali utayang'ana kumwamba, mapewa akwera mpaka m'makutu, manja akupalasa ngati munthu wowoloka Shire. Yachinayi 131 kenako anakakhala pansi pa mtengo wa nimu akusanza. Amene anapambana tsiku limenelo anali kamnyamata koonda kamene pa raundi yoyamba kanali kumbuyo kwenikweni, maraundi ake onse ankangozungulira pa 100 mpaka 104, ngati wotchi.

Ndiye langizo langa loyamba ndi masamu basi. Tinene kuti mukufuna kumaliza mu mphindi 45, yomwe kwa munthu woyamba ndi nthawi yabwino ndithu. Mphindi 45 ndi masekondi 2,700, kugawa ndi 25 mupeza 108, ndiye kuti raundi iliyonse mphindi imodzi ndi masekondi 48, kapena kilomita iliyonse mphindi 4 ndi theka. Kwa inu liwiro limeneli raundi yoyamba lidzamveka ngati mukuyenda, mtima udzakuuzani kuti tiyeni tiwadutse awa, musaumvere. Pezani mnzanu aime pa mzere ndi foni azikuuzani nambala raundi iliyonse, mukamva 95 dziwani kuti mwayamba kutenga katapila uja, bwererani msanga. Komanso muyeze kaye bwalo lanulo, magiraundi athu ambiri a mpira mukazungulira m'mphepete mwa mzere sakwana 400, ambiri amathera cha m'ma 330 kapena 340, ndiye mukawerengera ngati 400 masamu onse asokonekera.

Chachiwiri, ndipo apa mpamene aliwiro ambiri amandikanira, muyenera kuphunzira kuthamanga pang'onopang'ono. Katatu kapena kanayi pa sabata, mphindi 30 mpaka 40, pa liwiro loti mutha kumacheza ndi mnzanu chiganizo chonse osadula mawu. Mukaona kuti mukungotha kuyankha "eya" ndi "ayi" ndiye kuti mwadutsa liwiro lija limene mpweya umakwanira, tsikani. Kuthamanga kotereku nkumene kumakulitsa mtima kuti uzipopa magazi ambiri pa kugunda kamodzi, kumachulukitsa timitsempha tating'ono tofikitsa magazi mkati mwa mnofu, komanso tinthu tija ta mu mnofu timene timaotcha chakudya ndi okosijeni. Zimenezi sizimera sabata imodzi, perekani miyezi iwiri kapena itatu. Tsiku limodzi pa sabata muzitalikitsako, muziwonjezera mphindi 5 sabata iliyonse mpaka mufike ola lathunthu. Pakatha mwezi mpamene mungawonjezere tsiku limodzi la makilomita: kilomita imodzi pa mphindi 4 ndi theka, kupuma mphindi ziwiri mukuyenda, kubwereza kanayi kapena kasanu. Njira yodziwira kuti zikuyenda njosavuta, mukadzuka mmawa musanatsike pa mphasa gwirani pamkono muwerenge kugunda kwa mphindi imodzi, pakapita masabata nambalayo imatsika, ndipo njira yomwe munkaimaliza muli wefuwefu mudzaimaliza mukucheza.

Liwiro lanu lija musalitaye, ndi chuma, pa raundi yomaliza ndi limene lidzakupatseni anthu awiri atatu. Kamodzi pa sabata thamangani mamita 60 ndi mphamvu zonse kasanu kapena kasanu nkamodzi, koma pakati pake muzipuma mphindi zitatu kapena kuposa. Kankhokwe ka fosifokiriyetini kaja kamabwerera theka pakatha masekondi ngati 30, koma kuti kadzaze kamafuna mphindi 3 mpaka 5, ndiye mukamabwereza musanapume mokwanira simukuphunzitsanso liwiro, mukungodzitopetsa. Koma ndikuuzeni zoona, simungakhale katswiri mbali zonse ziwiri. Minofu ya waliwiro ndi ya wamtunda wautali imasiyana kuyambira pobadwa, maphunziro amangosinthako pang'ono, ndiye ngati mtima wanu uli pa kupambana mipikisano ine ndikanati khalani pa 100 ndi 200, 10,000 muziithamangira kulimbitsa thupi ndi kuimaliza.

Za kutentha kwathu kuno nazo musazitenge mopepuka. Mu Okutobala ndi Novembala Ngabu, Bangula mpaka Nsanje timadutsa madigiri 40, pa 100 mita zimenezo sizikukhudzani kwenikweni chifukwa masekondi 12 mwamaliza, koma pa mtunda wautali magazi omwe aja ofunika kunyamula okosijeni amagawikana, ena amapita kukhungu kukaziziritsa thupi, thukuta nalo likuchepetsa madzi m'magazimo, ndiye liwiro lomwelo la 108 masana limakhala lolemera kuposa mmamawa. Muzidzuka 5 koloko dzuwa lisanatuluke, imwani madzi usiku wake ndi mmawa, mkodzo ukakhala wachikasu kwambiri ngati tiyi madzi akuchepa. Mukamva chizungulire, mutu kuwawa, tsembwe pamene kukutentha, kapena mnzanu wayamba kulankhula zosamveka ndi kudzandira, imani pompo, pamthunzi, kumuthira madzi thupi lonse, ndipo ngati sakubwerera msanga thamangirani naye kuchipatala.

Funso limodzi kwa inu achimwene: mwadwalako malungo miyezi yapitayi? Malungo amaphwanya magazi, likodzo nalo limawachepetsa, ndipo magazi akachepa 100 mita mutha kuithamanga bwinobwino osadziwa kanthu koma mtunda wautali umakugwetsani msanga. Ngati mwachita zonse ndanenazi kwa mwezi koma kuthamanga pang'onopang'ono mukucheza kuja kukukupumitsanibe movutika, m'zikope mwayera, pitani akakuyezeni magazi musanawonjezere maphunziro, ndipo pa mbale pazikhala nyemba, usipa kapena mlamba, ndi masamba ngati bonongwe. Mukathamanga koyamba ndi mnzanu wa foni uja mudzatilembere nambala za maraundi anu asanu oyamba muno, tidzaone limodzi ngati 108 ikukukwanani kapena tiyambire pa 115.