Uthenga wa ahedi wolandira ana atsopano pa vidiyo: munene chiyani, mutalike bwanji?

"Ndine mphunzitsi wamkulu pasukulu ina ya pulayimale. Akomiti apempha kuti ndijambule kavidiyo kolandira ana a Sitandade 1 ndi makolo awo, tikatumize pa gulu la WhatsApp sukulu isanatsegulidwe. Ndayesa kawiri koma ndikumafika mphindi zisanu ndi chimodzi ndisanamalize. Ndinene chiyani, ndisiye chiyani?"

Zikomo ahedi chifukwa cha kalata yanu. Chimene chimatalikitsa mauthenga otere nthawi zambiri ndi malonje. Pa msonkhano wa makolo pansi pa mtengo mumayenera kuyamba ndi a gulupu, nyakwawa, apampando a komiti ya sukulu, a PTA, amayi a Mother Group, ndipo mukadumpha mmodzi mwalakwa. Pamenepo anthu akhala kale pansi, sachoka. Vidiyo ndi nkhani ina. Mayi akuionera pa foni ali pamsika kapena akusonkha moto, bandulo ikutha, ndipo akaona kuti theka la mphindi lapita mukadali pa maudindo, amatseka. Ulemu usasowe ayi, koma uthere m'chiganizo chimodzi: "Makolo, mafumu athu ndi nonse otithandiza, ndakupatsani moni." Mafumu ndi akomiti mudzawatchula mmodzimmodzi tsiku la msonkhano.

Muyezo wake ukhale mphindi imodzi ndi theka. Mawu a Chichewa ndi aatali, liwu limodzi ngati "tidzakulandirani" limanyamula zambiri, choncho munthu woyankhula modekha amanena mawu pafupifupi 90 kapena 100 pa mphindi. Ndiye kuti zolemba zanu zisapitirire mawu 150. Lembani, werengani mokweza mukuyang'ana wotchi, kenako dulani.

Podula, dzifunseni chimene kholo la mwana wa zaka 6 likuda nacho nkhawa usiku woti mawa sukulu ikutsegulidwa. Silikufunsa chaka chimene sukulu inamangidwa. Likufuna kudziwa tsiku, nthawi, choti mwana atenge, malo okaima, ndi munthu woti limuone pakakhala vuto. Zinthu zisanuzi zikamveka bwino, vidiyo yagwira ntchito. Mbiri ya sukulu, zotsatira za mayeso a Sitandade 8, chitukuko cha midadada, zonsezo zidikire msonkhano woyamba wa makolo. Nkhani ya zopereka musaiikemo n'komwe. Kholo losauka likamva za ndalama mu uthenga wolandira mwana, limatha kumusunga pakhomo mpaka litapeza, ndipo mwanayo amaphonya masabata oyamba, amene anzake amaphunzira kugwira pensulo ndi kuzolowera kalasi.

Nachi chitsanzo. Tsiku, nthawi ndi malo ndangoikapo, musinthe zigwirizane ndi sukulu yanu, ndipo poyambirira mutchule dzina lanu ndi la sukulu.

"Makolo, mafumu athu ndi nonse otithandiza, ndakupatsani moni. Ine ndine mphunzitsi wamkulu wa sukulu yanu ino. Takulandirani ndi manja awiri.

Inu ana amene mukuyamba Sitandade 1, tamverani kuno. Aphunzitsi anu akukudikirani. Kuno mudzaimba, mudzasewera, mudzaphunzira kulemba dzina lanu. Mukafuna kupita kuchimbudzi kapena mukamva kudwala, muwauze aphunzitsi, musaope.

Makolo, sukulu itsegulidwa Lolemba pa 14 Seputembala. Ana afike 7 koloko isanakwane. Tsiku loyambalo muwaperekeze mpaka pa mtengo wa mango uli kutsogolo kwa ofesi, aphunzitsi adzawalandirira pamenepo. Mwana atenge kope limodzi, pensulo ndi kapu ya phala, zonse zolembedwa dzina lake. Ngati yunifolomu sinapezeke, abwerebe ndi zovala zochapa.

Ngati mwana wanu amadwala pafupipafupi, sakumva bwino kapena sakuona bwino, tiuzeni tsiku lomwelo kuti timukhazike kutsogolo ndi kumuyang'anira. Ofesi yanga ndi yotsegula tsiku lililonse la sukulu.

Ndibwerezenso: Lolemba pa 14 Seputembala, 7 koloko isanakwane. Tionana, zikomo kwambiri."

Mwaona kuti ana ndawayankhula koyambirira, malonje atangotha. Ndachita dala. Mwana wamng'ono samvetsera nthawi yaitali, ndiye gawo lake libwere maso ake akadali pa foni. Pamenepo tsitsani liwiro, mwetulirani, ziganizo zikhale zazifupi. Mawu onena za chimbudzi ena angawaone ngati osayenera pakamwa pa ahedi, koma ine ndingalimbikire kuti akhalemo. Ana ambiri amadzikodzera sabata yoyamba chifukwa choopa kupempha, anzawo n'kuwaseka, mawa lake n'kuyamba kukana sukulu. Za kapu ya phala muzinene pokhapokha ngati pasukulu panu pamaphikidwa phala ndipo mwatsimikiza kuti liphikidwa kuyambira tsiku loyamba. Lonjezo la pa vidiyo anthu amalisunga m'foni.

Tsiku litchulidwe ndi deti yake. Musanene kuti "Lolemba likubwerali", chifukwa vidiyo imayenda, wina adzailandira patapita masiku asanu n'kuwerengera Lolemba lolakwika. N'chifukwa chakenso ndalibwereza kumapeto. Potumiza, lembani deti, nthawi ndi zotenga m'munsi mwa vidiyoyo ngati uthenga wamba, kuti amene bandulo yawathera asanaitsitse awerengebe. Ndipo popeza si makolo onse ali ndi foni ya WhatsApp, mawu omwewo apite kwa nyakwawa, kumatchalitchi ndi kumizikiti kuti akalengeze.

Tsopano kajambulidwe. Anthu amakhululuka chithunzi chosawala bwino, koma mawu akapanda kumveka amatseka. Foni ikhale pafupi, mita imodzi kapena imodzi ndi theka kuchokera pamene mwaima, yoimika choongoka monga momwe anthu amaigwirira poonera, ndipo ikhale pa msinkhu wa maso anu. Isanjikeni pa mabuku kapena pa shelefu, chifukwa dzanja la munthu limanjenjemera. Musajambulire m'kalasi yopanda anthu: simenti ndi malata zimabweza mawu, mumamveka ngati muli m'mgolo. Ofesi yokhala ndi mabuku ndi makatani ndi yabwino. Panja pamaoneka bwino, koma miyezi ya Ogasiti ndi Seputembala kumakhala mphepo, ndipo ikawomba pa maikolofoni imaphimba mawu onse. Mukafuna panja, pezani khonde lotchingika, m'mawa 8 koloko isanakwane.

Kuwala kubwere kumaso kwanu. Cholakwika chofala ndi kukhala pa desiki zenera lili kumbuyo. Foni imatsata kuwala kwa zeneralo, nkhope n'kuda bii. Tembenukani muyang'ane kuzenera, wojambula ndiye alipatse msana. Jambulani masekondi 10 oyeserera, muwamvetsere pa sipika ya foni ina yotchipa. Akamveka pamenepo, amveka kulikonse.

Musawerenge papepala lili m'manja, maso amathawira pansi ndipo kholo limaona pamutu panu. Lembani mitu isanu ndi zilembo zikuluzikulu pa tchati, muimate kumbuyo kwa foni pafupi ndi kamera. Mukaphonya liwu limodzi pitirizani, koma mukalakwitsa deti kapena nthawi yambiraninso. Kujambula katatu kapena kanayi n'kokwanira, kupitirira apo mawu amayamba kuuma.

Ngati mukufuna kuti ana ena aoneke akuimba kapena akukweza manja, pemphani kaye chilolezo kwa makolo awo, ndipo musatchule maina awo, popeza vidiyo ikachoka pa gulu lanu simungaibweze. Musanatumize kwa onse, ionetseni kwa kholo limodzi lomwe silili m'komiti, kenako mulifunse tsiku, nthawi ndi zotenga. Likaphonya chimodzi, gawo limenelo mulijambulenso.